Fungo la Mvula Kutsidya kwa Malire

Khomo langa ndi la Anathovu ndi oyang'anizana. Ine ndimasindikiza mapepala, iwo amapanga sopo. Pakati pathu pali kanjira ka simenti yosweka, ngalande, ndi mpopi umodzi umene tonse a m'mashopu a kuseri kuno timatungapo madzi. Dzina lawo lenileni ndimalidziwa, chifukwa ndimalisindikiza m'munsi mwa chikutiro chilichonse cha sopo wawo, koma palibe amene amalitchula. Ngakhale ana awo amati Anathovu.

Ndinawadziwa asanakhale ndi dzina limeneli. Nthawi imeneyo ankachapa nsalu za pabedi ku hotela ina. Manja awo anali ong'ambika ngati makungwa, chifukwa cha sopo waukali wa kumeneko. Popereka moni ankabisa dzanja lina kumbuyo. Hotelayo itatsekedwa anapita ku maphunziro a masabata ochepa a kapangidwe ka sopo, n'kubwerako ndi ndowa ziwiri, sikelo yaing'ono, ndi magolovesi ofika m'zigongono.

Sopo woyamba sanali sopo. Wina ankakana kulimba, wina ankatuluka madontho a mafuta, wina ankayabwa moti amuna awo, amene anali kondakitala wa basi, anapita ku ntchito akudzikanda tsiku lonse. Koma Anathovu ndi munthu wosamva za kugonja. Anaphunzira kusungunula soda m'madzi ndi kudikira kuti azizire, kuyeza mafuta mosaonjeza ngakhale dontho, kutakasa mpaka phalalo litayamba kusiya mzere pamwamba. Zikombole analibe. Anadula mapaipi a pulasitiki otsala pa nyumba ina imene inkamangidwa, n'kumathira mmenemo. N'chifukwa chake mpaka lero sopo wawo ndi wozungulira, woyera, wodulidwa ndi waya. Akamudula amamuyala pa mathandala kwa milungu ingapo kuti aume ndi kufatsa. Kununkhira kwake kumachokera ku mafuta a mizu ya udzu winawake. Dzina la udzuwo sanandiuzepo, ndipo ine sindinafunse.

Dzina la sopoyo linachokera kwa apongozi awo, mayi a amuna awo. Gogoyo ankakhala nawo pakhomo, ndipo anali munthu wosayamika. Tiyi akatentha ankati mukufuna kundiwotcha, akazizira ankati mwandipatsa madzi a m'ngalande. Tsiku lina anatola kachidutswa ka sopo pa zenera, n'kukanunkhiza nthawi yaitali. Kenako anati, "Ili ndi fungo la mvula yoyamba ikagwa pa fumbi." Anakaika pansi n'kuwonjezera kuti, "Koma kudula kwake n'kokhota."

Anathovu anabwera kwa ine mawa lake lomwe.

"Aneba, lembani kuti Fungo la Mvula. Za kukhotazo musalembe."

Ndinaika FUNGO m'zilembo zazikulu, zobiriwira, ndi mawu enawo ang'onoang'ono pansi pake. Anthu m'magolosale anayamba kungoti, "Ndipatseni Fungo." Amuna awo anamwalira, gogoyo anatsatira, ana anakula. Sopoyo ndiye anawaphunzitsa onse. Pamene nkhani iyi inkachitika n'kuti Anathovu ali ndi amayi angapo owathandiza kutakasa, kudula ndi kukulunga, ndiponso mwana wawo womaliza, amene timamutcha Mzime, atabwerako ku sukulu ya zamalonda n'kuyamba kuyendetsa za maoda.

Koma m'dera lathu opanga sopo anachuluka. Aliyense wotuluka ku maphunziro aja ankatsegula kakhomo kake. Mathandala a Anathovu anayamba kudzaza osatsika. Ndinkaona amayi aja akuweruka dzuwa lisanapendeke, masiku ena osabwera n'komwe. Anathovu sankadandaula pagulu. Ankangoima pa mpopi nthawi yaitali, ndowa itadzaza kale.

Thandizo linabwera ndi mlongo wawo wamng'ono, dalaivala wa thiraki, amene anzake amamutcha Giya. Iye amayenda ulendo wa kutsidya kwa malire, kumene anthu amalankhula chilankhulo china, chosafanana ngakhale pang'ono ndi chathu. Kumeneko anadziwana ndi mkulu wina wa holoselo, amene amaperekera katundu m'mashopu ambiri a m'matauni a kumeneko. Anamusiyira sopo pang'ono. Ulendo wotsatira anabwera akuimba hutala kuyambira pa mphambano.

"Achemwali, mwalemera! Mkulu uja wangoona dzinalo n'kudzuka pampando. Akufuna wodzaza theka la thiraki, mvula isanayambe."

"Wamununkhiza?" anafunsa Anathovu.

"Kununkhiza kwa chiyani? Dzina lokhalo lamugwetsa. Ine ndinamuuza bwinobwino: fungo, kenako ndikuloza kumwamba, ndikuchita zala chonchi, mvula. Anandikumbatira."

Amayi onse anaitanidwanso ku ntchito. Ndowa zinayamba kulira m'mawa kusanatenthe. Ine ndinauzidwa kukonza zikutiro zambiri kuposa zonse zimene ndinawasindikizirapo, zokhala ndi mawu a kumbuyo m'chilankhulo cha kutsidyako. Ndinaitanitsa mapepala, ndinasakaniza inki yobiriwira. Chinatsala ndi mawu a kumbuyowo basi.

Mzime ndi amene anabwera kudzandiimitsa.

"Agogo, musayatse makina kaye. Ndapeza mayi womasulira kuti atilembere za kumbuyo. Ndamupempha kuti ationerenso dzinalo."

Amayi ake anali kumbuyo kwake, magolovesi ali m'manja.

"Dzina alionere chiyani? Likudwala?"

"Amayi, dzina likamapita kwa eni chilankhulo china amayamba alifufuza. Mwina kumeneko ndi mawu ena."

"Mwini holoselo ndi wa kumeneko. Akanakhala mawu otukwana bwenzi atawakumbatira malume ako?"

"Malume amadziwa moni, manambala ndi kutukwana. Zina zonse amalankhula ndi manja."

Anathovu anayang'ana ine kuti ndiwathandize. Ndinati inki ikagwa pa pepala sibwerera m'chitini. Anabwerera ku ndowa zawo.

Womasulirayo anafika m'mawa wa tsiku lotsatira. Anali mayi wa msinkhu wapakati, wovala nsapato zafulati, wobadwa kwa bambo a kuno ndi mayi a kutsidya. Ntchito yake yambiri ndi ya mapepala a katundu wodutsa pa malire ndi ya m'zipatala. Tinakhala mu shopu yanga, chifukwa kwa Anathovu kunali soda wongosungunulidwa kumene, akadali wotentha. Giya analiponso, atakhala pa mulu wa mapepala anga ngakhale ndinamupatsa mpando.

Ndinayala chikutiro pa tebulo. Mayiyo anachiyang'ana. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mayi, sopo ameneyu ndi wa mankhwala?"

"Ayi. Ndi wosambira."

"Sachiza chilichonse?"

"Amachiza litsiro."

Mayiyo sanaseke. Anaika chala pa zilembo zazikulu zija.

"Mawu awa aliponso kutsidya. Kalembedwe komweka, katchulidwe pafupifupi komweka. Kumeneko fungo ndi chuku, chija chimamera pa buledi akagonera. Ndi mawu omwewonso amene a chipatala amatchulira tizilombo toyambitsa zipere, ndi kuyabwa kuja kwa m'mipata ya zala za kumapazi, ndi zikhadabo zofumbwa."

Kunja wina ankatsuka ndowa pa mpopi.

"Bodza," anatero Giya. "Ine ndayenda kumeneko zaka zonsezi, sindinamvepo."

"Munadwalapo zipere kumeneko, achimwene?" anafunsa womasulira.

"Ayi."

"N'chifukwa chake."

Mzime anafunsa ngati mwini holoselo anatumizapo uthenga uliwonse. Giya anatulutsa foni monyinyirika. Munali uthenga wa mawu, wautali, umene iye anaumvera kale n'kutolamo moni, nambala ya makatoni ndi mawu akuti mvula. Womasulira anaumvera kawiri, foni ili pakhutu. Kenako anatiuza pang'onopang'ono. Mkuluyo ankati wasangalala kwambiri. Ankati nyengo ya mvula anthu kumeneko amavutika ndi matenda a pakhungu amenewo, makamaka ovala majombo tsiku lonse, ndipo sopo wochiza fungo la nthawi ya mvula, wotsika mtengo chonchi, adzatha ngati madzi. Ankati wayamba kale kuuza eni mashopu. Ankangopempha kuti pepala la boma losonyeza kuti ndi mankhwala ovomerezeka libwere limodzi ndi katundu.

Mzime anagwira pakamwa. Sindikudziwa ngati ankabisa kuseka kapena kulira.

Giya ndiye anayamba kuona kuwala.

"Ndiye vuto lili pati? Munthu akufuna kugula, ife tikufuna kugulitsa. Sopo ndi sopo. Wa zipere akasamba, zipere zikondwa? Ife sitinalembe kuti amachiza. Adziwerengera okha."

"Nanga pepala la bomalo, malume?"

"Mapepala amachedwa, mwana iwe. Timuuza kuti likubwera."

Womasulira anati za malamulo a kumeneko afunse odziwa malamulo, koma chimene iye waona pa ntchito yake n'chakuti chinthu chogulitsidwa ngati mankhwala chimafunsidwa mafunso a mankhwala. Anatinso ngakhale atapanda kufunsidwa, ogula adzagawikana pawiri. Amene alibe zipere sadzafuna kuonedwa atanyamula sopo wolembedwa choncho. Amene ali nazo adzagula kamodzi, sadzachira, ndipo adzauza anzawo.

Nthawi yonseyi Anathovu ankapinda ngodya ya chikutiro chija ndi kuiwongola. Atalankhula, analankhula kwa mlongo wawo.

"Iwe Giya, ukuwakumbukira manja anga a ku hotela?"

"Ndikuwakumbukira."

"Ndinagula mafuta angati olembedwa kuti amachiza?"

Giya anayang'ana kudenga.

"Muimbireni bamboyo," anatero Anathovu kwa womasulira. "Pompano. Mumuuze kuti sopo wanga ndi wosambira basi."

"Amayi, tidikire tipeze kaye dzina lina," anatero Mzime. "Munthu ukamulanda mpando umamupatsa wina."

"Akuuza kale anthu zabodza m'dzina langa. Aimbiridwe."

Anaimba, foni ili pa tebulo kuti tonse timve. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinamva mmene mawu a bamboyo anasinthira. Anayamba okwera, a chisangalalo. Kenako anaseka, kuseka kwakufupi kwa munthu amene wazindikira kuti nayenso aseketsa anthu. Pomaliza analankhula mwachidule, mouma.

"Akuti zikomo pomuuza katundu asananyamuke," anatero womasulira. "Akuti sopo wongonunkhira ali naye wambiri, mashelefu ndi odzaza. Akuti ndi dzina limeneli sangatenge ngakhale katoni imodzi. Mukapeza dzina lina mumuuze, aona. Sakulonjeza."

Giya anatuluka osatsanzika. Tinamva chitseko cha thiraki.

Madzulo ake Anathovu anabwera okha kudzatenga chikutiro chija. Anaima pakhomo.

"Aneba, apongozi anga aja anandiyamikira kamodzi kokha moyo wawo wonse. Kamodzi. Ndiye lero ndimve kuti anati chuku."

Ndinawauza kuti kuno dzinalo silinalakwe kanthu, ndipo palibe amene akuwalanda. Ndi ulendo wokha umene silingayende.

"Ngati mwana wopanda pasipoti," anatero. Anapita.

M'mawa mwake sanauze amayi aja kuti asiye kutakasa. Sopo wa theka la thiraki anali kale pa mathandala, akuuma, wopanda dzina ndi wopanda mwini. Aliyense pa kanjira kathu ankadziwa kuti sopo ameneyo akapanda kuwoloka, amayi aja abwerera kunyumba, ndipo ulendo uno mwina osaitanidwanso.

Kufuna dzina kunachitikira pa tebulo lokulungira sopo, manja akugwira ntchito. Ine ndinkamva ndili pa khomo langa. Anathovu anafuna Mvula, kuti theka la mawu a apongozi lipulumuke. Mzime anafuna Kuwala. Mayi wina wodula sopo anati Mame. Mayi a mapasa, amene amakulunga mofulumira kuposa onse, anati Duwa. Mnzawo wokhala naye pafupi anati kwawo amati luwa, duwa ndi chilankhulo cha anthu a chimfine. Anakangana mpaka Mzime anati atenga onse awiri.

Womasulira atamva mayinawo, anachotsa Kuwala nthawi yomweyo.

"Chilichonse choyamba ndi ku, iwalani. Kumeneko ku ndi dzina la chiwalo chimene timakhalira pa mpando, ndipo si dzina laulemu lake."

"Ndiye chilankhulo chathu chonse ndi chotukwana kumeneko," anatero mayi a mapasa. "Kudya, kugona, kupemphera."

"Kupemphera ndiye kwambiri," anatero mnzawo uja, ndipo ntchito inaima kaye.

Za mayina otsalawo womasulira anati ali ndi maganizo ake, koma sawanena. Khutu limodzi silikwana, anatero, makamaka khutu ngati lake limene linakulira m'zilankhulo ziwiri. Amafuna anthu obadwira m'chilankhulo chimenecho, amene sadziwa chathu: achikulire ndi achinyamata, amuna ndi akazi, a m'tauni ndi a kumidzi, chifukwa mawu oyera mumzinda umodzi amatha kukhala akuda mumzinda wina, ndipo achinyamata ali ndi matanthauzo awo amene mulibe m'buku la mawu. Ena amawatumizira dzina lolembedwa kuti aliwerenge mokweza, iye amve mmene likutulukira pakamwa pawo. Ena amawatumizira mawu okha kuti alilembe mmene alimvera. Sawauza kuti ndi sopo. Amangofunsa kuti mawuwa akukukumbutsani chiyani, akufanana ndi mawu ati, pali nthabwala imene mungapange nawo. Akayankha m'pamene amawaonetsa chithunzi cha sopoyo n'kufunsa ngati angalitchule dzinalo mokweza mu shopu modzaza anthu.

"Zonsezi chifukwa cha mawu amodzi?" anafunsa Anathovu.

"Mawu amodzi omwewo ndi amene akuimitsirani thiraki, mayi."

Mayankho anatenga masiku. Anathovu ankatembenuza sopo pa mathandala ngakhale sankafunika kutembenuzidwa. Giya anapita ulendo wake n'kubwera, osaimba hutala. Anabweretsera achemwali ake magolovesi atsopano, anawasiya pa zenera. Anali aakulu kwambiri. Anathovu anawavalabe.

Womasulira anabwera ndi mayankho masana ena kukutentha. Tinakhalanso mu shopu yanga, amayi aja ataima pakhomo. Anatiikira mawu a anthuwo pa foni kuti timve mmodzimmodzi, akumasulira.

Mame anagwa msanga. Namwino wina wachikulire anati ndi mmene ungauzire khanda kuti liyamwe. Anyamata awiri a pa malo ogulitsira mafuta a galimoto sanathe n'kuyankha komwe, ankangoseka, wina akumenya chinachake ngati chitini. Womasulira anati zimene ananena pambuyo pake sazimasulira pamaso pa agogo. Ndinamuthokoza.

Kenako Mvula. Anathovu anakhala tsonga.

"Ili ndinkaliona ngati labwino," anatero womasulira. "Kumeneko silitanthauza kanthu. Koma tamverani."

Munthu woyamba anayesa kuwerenga, lilime linakana. M ndi v pamodzi, kumayambiriro kwa mawu, n'zachilendo pakamwa pawo. Wachiwiri anaika kamawu kena patsogolo. Wachitatu, mayi wogulitsa mu shopu, anangotaya v n'kunena kuti mula, ndipo anaseka. Enanso angapo anachita chimodzimodzi.

"Mula ndi nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi," anatero womasulira. "Amatchulanso choncho munthu wouma mutu, wosamva. Ine sindikanazimva, chifukwa pakamwa panga mvula imatuluka bwinobwino."

"Wouma mutu, wosamva," anatero Giya. "Achemwali, limeneli ndi lanu ndithu. Lisiyeni."

Anathovu anamuponyera golovesi. Koma ndinaona kuti maso awo anali pansi. Mawu a apongozi anali atatha onse.

Duwa silinalakwe. Ambiri anati likumveka ngati nambala yachiwiri, ena anati silikuwakumbutsa kanthu. Mayi a mapasa anati nambala yachiwiri ndi yabwino, iwo akuidziwa. Palibe anawatsutsa.

Luwa linali lomaliza. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anayankha ndi liwu limodzi. Mtsikana wa ku koleji ananena liwu lomwelo. Anyamata a mafuta aja, amene tinkawaopa, anayesa kupeza nthabwala, anakambirana, n'kulephera, nawonso ananena liwu lomwelo. Onse amene anamva ndi khutu analemba mofanana, mopanda w.

"Akuti mwezi," anatero womasulira. "Wa kumwambawu. Kumeneko mwezi amautchula chimodzimodzi. Nditawaonetsa chithunzi, mayi wa mu shopu uja anati, eya, n'chifukwa chake ndi woyera ndi wozungulira."

Anathovu anatenga sopo mmodzi pa tebulo langa, amene ndimapsinjira mapepala, n'kumuyang'ana ngati samudziwa.

"Mapaipi a chimbudzi," anatero. "Ndinatola otsala pa nyumba imene inkamangidwa."

"Zimenezo sitilemba," anatero Mzime.

Womasulira anachenjeza kuti ntchito yake yathera pa tanthauzo. Ngati wina kumeneko analembetsa kale dzina lofanana nalo pa sopo, imeneyo ndi nkhani ya ku ofesi yolembetsa mayina a malonda, ndipo afufuze asanasindikize zambiri. Mzime anali atapeza kale munthu wa ntchito imeneyo. Yankho lake linabwera patapita nthawi, lakuti sanapeze chotchinga, ndipo akhoza kupereka pempho lawo.

Ndinasindikiza zikutiro zochepa zoyesera, zolembedwa Luwa. Anathovu anakana zobiriwira, anati mtundu umenewo ndi wa Fungo, usayende. Tinasankha wabuluu wozama. Womasulira anawerenga mawu a kumbuyo kawiri, n'kupatsanso mnzake wa kutsidya kuti awerenge ndi maso atsopano. Giya ananyamula katoni yaing'ono. Asanakwere, achemwali ake anamugwira malaya.

"Ukakafika, manja m'thumba. Usaloze kumwamba, usaloze pansi. Upereke katoni, upereke moni, utuluke."

"Nanga akandifunsa tanthauzo?"

"Akuuza ndi iyeyo."

Mitambo inali itayamba kusonkhana masana. Tinadikira. Amayi aja ankabwerabe m'mawa uliwonse, ngakhale panalibe chotakasa, n'kumapukuta mathandala oyera kale.

Uthenga unafika pa foni ya Mzime, wa mawu, wautali ngati woyamba uja. Palibe anayesa kuumasulira ndi manja. Mzime anautumiza kwa womasulira, ndipo iye anaimba nthawi yomweyo. Tinaunjikana pa tebulo lokulungira, ine ndi inki m'manja.

"Akuti dzinalo ndi labwino, n'losavuta kuitanitsa. Akuti theka la thiraki sangathe, chifukwa tsopano ndi sopo pakati pa sopo anzake. Atenga gawo laling'ono, aike m'mashopu ochepa, aone mmene ayendere. Akayenda, aitanitsa mwezi ndi mwezi."

Anathovu anapumira m'mwamba. Sanali sopo yense amene anali pa mathandala, koma anali wokwanira kuti ndowa zisaume.

"Pali zinanso," anatero womasulira, ndipo tinamva kuti akumwetulira. "Akuti sopo woyamba uja anapita naye kunyumba. Akazi ake anakana kumuika ku bafa, kuopa kuti alendo aziti m'nyumbamo muli zipere. Anang'amba zikutiro zonse n'kuzitentha. Koma sopoyo anasamba, ndipo watha. Akuti kuyambira tsiku limene munaimba lija sanapume m'nyumba, akufunsidwa kuti mayi woona mtima uja atumizanso liti sopo. Ndiye akupempha kuti pa katunduyo muikepo katoni imodzi yapadera, ya kunyumba."

Mayi a mapasa anayamba kululuta, mnzawo wa luwa uja akuwauza kuti aluluta bwanji poti dzina lawo silinasankhidwe. Giya anafuna kufotokoza kuti iye anadziwa kuyambira pachiyambi kuti bamboyo ndi munthu wabwino. Palibe anamumvera.

Anathovu anafunsa Mzime kuti makatoni alipo okwana. Anafunsa Giya tsiku limene anyamuke. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Aneba, mwaimiranji? Kayatseni makina."

Ndinawoloka kanjira n'kukayatsa.